Njuchi, Mavu ndi Mahoneti: Kuzisiyanitsa pa Chithunzi ndi pa Chisa

Njuchi, mavu ndi mahoneti ndi tizilombo tapachibale. Tonse tili ndi mapiko anayi, awiri aakulu kutsogolo ndi awiri aang'ono kumbuyo, ndipo tatikazi tokha ndi timene tili ndi mbola. Chifukwa cha chibale chimenechi, munthu akalandira chithunzi pa foni sachedwa kutchula njuchi kuti ndi mavu, kapena kutchula mavu aliwonse aakulu kuti ndi honeti. Chimene chimasokoneza n'chakuti diso limathamangira zinthu ziwiri, mawanga ndi kukula, ndipo pa chithunzi ziwirizi ndi zimene zimanamiza kwambiri. Mizere yakuda ndi yachikasu imapezeka pa njuchi, pa mavu ngakhalenso pa ntchentche zina zosaluma n'komwe. Kukula nako kumatayika kamera ikayandikira, moti kachilombo ka mamilimita 10 kamatha kudzaza chithunzi chonse. Zodalirika ndi kapangidwe ka thupi ndi kamangidwe ka chisa.

Mahoneti ndi mavu ndithu, koma a gulu limodzi lokha limene asayansi amalitcha Vespa. Gululi lili ndi mitundu yoposa 20, ndipo yambiri kwawo ndi ku Asia. Mu Africa muno mahoneti achilengedwe amapezeka kumpoto ndi kumpoto chakum'mawa, kumaiko monga Egypt, Sudan ndi Ethiopia. Ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique kulibe mahoneti achilengedwe. Motero mavu aakulu amene ajambulidwa pakhonde ku Lilongwe kapena ku Chipata, ngakhale aoneke oopsa chotani, ndi mavu a mtundu wina. Funso loyamba pa chithunzi chilichonse liyenera kukhala lakuti chinajambulidwira kuti, chifukwa yankho lake lokha limachotsa mitundu yambiri imene munthu akanaiganizira.

Ubweya, chiuno ndi miyendo

Kusiyana kwa matupi kumachokera pa chakudya cha ana. Njuchi zimalera ana awo ndi mungu wa m'maluwa, pamene mavu ambiri amalera ana awo ndi nyama, monga mbozi, akangaude ndi ntchentche. Thupi la njuchi linapangidwira kutola mungu. Lili ndi ubweya wambiri, makamaka pachifuwa ndi pamutu, ndipo pa chithunzi chooneka bwino m'mbali mwa thupi mumaoneka mwanyankhalala. Njuchi ya uchi ili ndi ubweya ngakhale pamaso penipeni. Mavu ali ndi ubweya wochepa, ndipo thupi lawo limaoneka losalala ndi lonyezimira, mizere yake yodulidwa bwino.

Miyendo yakumbuyo ndi umboni wamphamvu koposa. Pa njuchi yantchito miyendo imeneyi ndi yotambalala ndi yaphwatalala, ndipo kunja kwake kuli malo osalala ozunguliridwa ndi ubweya wautali pamene imamatapo mungu. Kachilombo kamene kajambulidwa kali ndi timibulu tachikasu kapena tofiirira pa miyendo yakumbuyo ndi njuchi, palibenso chokambirana. Koma kusowa kwa timibuluto sikutsimikiza kuti ndi mavu, pakuti njuchi imene yapita kukamwa madzi pachitsime kapena kukanyambita shuga pamsika imakhala yopanda mungu. Zikatero munthu amayang'ana kutambalala kwa mwendo. Miyendo ya mavu ndi yowonda kuyambira pamwamba mpaka pansi.

Za chiuno akuluakulu adaziona kale, paja amati mavu adachita kupangana kuning'a pamimba. Njuchi nayo ili ndi poning'a pakati pa chifuwa ndi mimba, koma ndi pafupi ndipo ubweya umapabisa, choncho thupi limaoneka lojintcha. Mavu amene amamanga m'makonde kuno kwathu ali ndi chiuno chachitali chowonda kwambiri, mimba ili kutali ndi chifuwa. Komabe chizindikiro chimenechi chili ndi malire. Mahoneti ndi mavu ena a ku Ulaya ali ndi chiuno chachifupi, mimba yawo imayamba motambalala, ndipo munthu wozolowera mavu akwathu angawayese njuchi zazikulu. Pamenepa mapiko ndi amene amathandiza. Mavu omanga zisa za pepala, pamodzi ndi mahoneti, akatera amapinda mapiko akutsogolo m'litali, moti amaoneka ngati timizere tiwiri topyapyala m'mbali mwa thupi. Njuchi ikatera imangogoneka mapiko pamsana osawapinda.

Chithunzi cha kachilombo kali kuuluka nachonso chimanena kanthu. Mavu a m'khonde amauluka miyendo yawo yaitali yakumbuyo ikulendewera pansi, ndipo zimenezi zimaoneka ngakhale chithunzi chitakhala chosaoneka bwino.

Ntchentche zodzionetsa ngati njuchi

Tizilombo tambiri tojambulidwa pamaluwa n'kutchedwa njuchi timakhala ntchentche. Pali ntchentche zina zimene zili ndi mizere yofanana kwambiri ndi ya njuchi kapena ya mavu, ndipo mizereyo imazitchinjiriza kwa mbalame ngakhale zilibe mbola. Kuwerenga mapiko n'kovuta pa chithunzi, chifukwa mapiko anayi a njuchi amakolana awiriawiri n'kuoneka ngati awiri okha. Chapafupi ndi kuyang'ana mutu. Ntchentche ili ndi maso aakulu odzaza pafupifupi mutu wonse, ndipo tinyanga ta zambiri mwa izo ndi tatifupi kwambiri, tovuta kuona. Njuchi ndi mavu zili ndi maso m'mbali mwa mutu ndi tinyanga tatitali toonekera bwino, ndipo pa njuchi yantchito ya uchi timapindika pakati.

Chisa chimanena zambiri kuposa mwini wake

Kachilombo kamodzi kakhoza kujambulidwa molakwika, koma chisa sichithawa. Pa chisa pali mafunso anayi ofunika: chamangidwa ndi chiyani, tizipinda tayang'ana kuti, n'chokutidwa kapena chapoyera, ndipo chili pamalo otani.

Njuchi za uchi zimamanga ndi phula limene limatuluka m'matupi mwawo. Malesa awo amalendewera choimirira, angapo moyandikana, ndipo lesa lililonse lili ndi tizipinda mbali zonse ziwiri. Tizipindato timayang'ana cham'mbali, topendekera m'mwamba pang'ono kuti uchi usatayike. Lesa latsopano ndi loyera, ndipo limada ana akaleredwamo kangapo. Kawirikawiri njuchi zimafuna malo otsekeka: mphako ya mtengo, mng'oma, phanga la m'thanthwe, chulu chakale, chumuni kapena m'siling'i. Choncho chisa cha njuchi sichioneka kawirikawiri pa chithunzi. Chimene chimaoneka ndi khomo, njuchi zikulowa ndi kutuluka, zina zitasenza mungu. Njuchi za mu Africa nthawi zina zimamanga malesa poyera pansi pa nthambi yaikulu, koma ngakhale apo malesawo amakhala oimirira ndipo ndi a phula.

Chigulu cha njuchi chimene chaunjikana pa nthambi ya mango kapena pa mpanda, zikugwirana zokhazokha popanda lesa, si chisa. Ndi njuchi zosamuka zimene zapumula pamodzi ndi mfumukazi yawo, pamene zina zapita kukafufuza malo atsopano. Nthawi zambiri chigulu chotere chimachoka chokha pakapita maola kapena masiku ochepa. Kusiyanitsa kumeneku n'kofunika, chifukwa njuchi zosamuka zilibe ana kapena uchi woti ziteteze ndipo sizichedwa kuchoka, pamene zimene zakhazikika m'siling'i zimakhala ndi zonse ziwiri, ndipo kuzichotsa ndi ntchito ya mlimi wa njuchi wodziwa.

Mavu okhala m'magulu sapanga phula. Amapala ulusi wa mitengo youma ndi wa zomera, kuutafuna pamodzi ndi malovu, n'kupanga pepala lotuwa kapena lofiirira. Tizipinda tawo tili ndi ngodya zisanu ndi imodzi ngati ta njuchi, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amasokonezekera. Koma tizipinda ta mavu timakhala mbali imodzi yokha, ndipo nthawi zambiri timayang'ana pansi kapena chopendekera pansi.

Mavu ofala m'makonde, m'makhitchini a udzu ndi m'matchalitchi kuno ndi a gulu lotchedwa Belonogaster, ofiirira moderako, a chiuno chachitali. Chisa chawo chimalendewera pa kakhosi kamodzi kopyapyala kamene kamamatidwa ku phaso, ku lata kapena kunsi kwa tsamba, ndipo sichikutidwa ndi chilichonse. Munthu akhoza kuona zonse zili m'kati. Tizipinda tokhala ndi kadontho koyera pansi pake tili ndi mazira. Tokhala ndi mphutsi yonenepa tili ndi ana amene akudyetsedwa mbozi zotafunidwa. Totsekedwa ndi kachivindikiro koyera tili ndi ana amene ali pafupi kutuluka ngati mavu aakulu. Chisa chokhala ndi tizipinda tochepa ndi mavu amodzi kapena awiri n'chongoyamba kumene. Chokhala ndi tizivindikiro tambiri chidzachulukitsa mavu posachedwa. Chopanda mazira, mphutsi kapena mavu okhalapo ndi chakale, chosiyidwa.

Zisa za dothi ndi nkhani ina. Amene amazimanga ndi mavu okhala okha, opanda mfumukazi kapena antchito. Mavu akuda a chiuno chachitali chachikasu, otchedwa Sceliphron, amatuta matope n'kumanga tizipinda tatitali togundana pakhoma, kuseri kwa kabati kapena pa mtanda wa denga, kenaka n'kumata zonse ndi dothi lina pamwamba. M'kachipinda kalikonse amaikamo akangaude amene awalumitsa mbola kuti afooke osafa, amaikira dzira limodzi, n'kutseka. Mavu ena oumba amapanga timbiya ta khosi lopapatiza, ndipo m'malo mwa akangaude amaikamo mbozi. Chisa cha dothi chokhala ndi timabowo tozungulira ndi chimene ana adatulukamo kale. Mavu amenewa sateteza chisa monga gulu, ndipo kawirikawiri saluma munthu pokhapokha atawagwira kapena kuwapsinja. Kuwaopa mofanana ndi mavu a m'khonde n'kuwalakwira.

Palinso njuchi zimene zisa zake sizifanana n'komwe ndi malesa. Bemberezi, ngakhale ndi wamkulu, wakuda ndi waphokoso, ndi njuchi, ndipo miyendo yake yakumbuyo ili ndi ubweya wambiri wotolera mungu. Amaboola bowo lozungulira bwino mu nsichi, phaso kapena nthambi youma, ndipo pansi pake pamagwera utuchi. Pa mtundu wina wofala kum'mwera kwa Africa, wamkazi ndi wakuda wa malamba awiri achikasu kapena oyera, pamene wamwamuna ndi wachikasu thupi lonse. Anthu amawayesa mitundu iwiri yosiyana. Wamwamunayo amazungulira munthu mwaukali koma alibe mbola. Tinjuchi ting'onoting'ono tosaluma, timene timamanga m'ming'alu ya khoma, m'mphako kapena pansi, timadziwika ndi kapaipi ka phula ndi utomoni kamene kamatulukira pakhomo pa chisa.

Zithunzi ziwiri za ku Cape Town

Ku Cape Town, kumene kuli anthu ambiri ochokera ku Malawi ogwira ntchito m'minda ya maluwa ndi m'mafamu a mphesa, kuli mitundu iwiri ya mavu ochokera ku Ulaya imene imaonetsa bwino mmene kusiyanitsa kumayendera. Mtundu wa Vespula germanica unapezeka kumeneko m'zaka za m'ma 1970, ndipo wa Polistes dominula unapezeka mu 2008. Yonse iwiri ili ndi mizere yakuda ndi yachikasu chowala, ndipo kukula kwake sikusiyana kwambiri.

Pa chithunzi choyamba pali kachilombo katatera pa mbale ya nyama yootcha. Thupi ndi losalala, miyendo yakumbuyo ndi yowonda, mapiko apindidwa m'litali. Zitatuzi zachotsa kale njuchi, ndipo nyamayo ikuchitira umboni, chifukwa njuchi ya uchi sitola nyama. Tinyanga ndi takuda kuyambira patsinde mpaka kunsonga, thupi ndi lojintcha, ndipo mimba yayamba motambalala pafupi ndi chifuwa. Ameneyu ndi Vespula germanica. Pa chithunzi chachiwiri kachilombo kali pa lata la mpanda. Mizere ndi yofanana ndi ya koyamba kaja, koma tinyanga ndi tofiirira ngati lalanje, thupi ndi lowonda, mimba ndi yosongoka kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo miyendo ndi yaitali. Ameneyu ndi Polistes dominula.

Dzina likadziwika, munthu amadziwanso kumene angayang'ane chisa ndi kuopsa kwake. Polistes amamanga chisa chimodzi chapoyera, cholendewera pa kakhosi, pansi pa denga, m'mapaipi a mpanda kapena m'bokosi la mita ya magetsi, ndipo mumakhala mavu makumi angapo, mwina kupitirira 100 chisa chikakula. Vespula amamanga tizipinda mosanjikiza, nsanjika iliyonse yogona, tizipinda tayang'ana pansi, ndipo zonsezo amazikuta ndi pepala lotuwa la magawo ambiri. Nthawi zambiri chisacho chimakhala pansi pa nthaka kapena m'kati mwa khoma, ndipo mumakhala mavu masauzande. Kunja kumangooneka bowo limodzi, mavu akulowa ndi kutuluka mosalekeza, ena atanyamula timibulu ta dothi tochokera pamene akukulitsa dzenje. Wotchetcha udzu amene waona bowo lotere ayenera kulitalikira, chifukwa kugwedezeka kwa makina kumatulutsa mavu ambiri nthawi imodzi. Ku Ulaya zisa zimenezi zimafa chisanu chikafika ndipo amatsala ndi mafumukazi atsopano okha, koma kumadera ofunda zina zimapitirira chaka n'kukula kwambiri.

Mahoneti enieni

Honeti amadziwika ndi mutu. Akajambulidwa kuchokera pamwamba, kumbuyo kwa maso kumaoneka malo otambalala, moti mutu umaoneka waukulu ndi wokhuthala kuposa wa mavu ena. Mitundu yambiri ili ndi zofiirira kapena zonga lalanje pamene mavu ena ali ndi chikasu chowala.

Amene amakhala ku Britain ndi ku Ulaya amafunika kudziwa mitundu iwiri. Honeti wa ku Ulaya, Vespa crabro, ndi wachilengedwe kumeneko. Amatalika mamilimita 25 mpaka 35, chifuwa chake ndi chofiirira, mimba yake ndi yachikasu ya mawanga akuda, ndipo miyendo yake ndi yofiirira. Amauluka ngakhale usiku, ndipo amabwera pa zenera loyaka nyale. Chisa chake chimakhala m'mphako ya mtengo kapena m'denga, chokutidwa ndi pepala lofiirira, ndipo pansi pake pali khomo lalikulu lotseguka.

Wachiwiri ndi Vespa velutina, wochokera ku Asia, amene anapezeka kum'mwera chakumadzulo kwa Falansa mu 2004 n'kufalikira kumaiko oyandikana nawo. Ku Britain anaoneka koyamba mu 2016, ku Tetbury. Ndi wocheperako kuyerekeza ndi wa ku Ulaya, thupi lake ndi lakuda kwambiri, kumapeto kwa mimba kuli lamba mmodzi wotambalala wonga lalanje, ndipo nsonga za miyendo ndi zachikasu. Miyendoyo ndi imene imathetsa mkangano pa chithunzi. Honeti ameneyu amaima m'malere pakhomo pa mng'oma n'kumagwira njuchi zobwera ku maluwa, ndipo n'chifukwa chake alimi a njuchi amamuopa. Amamanga zisa ziwiri pa chaka. Choyamba ndi chaching'ono, chimamangidwa ndi mfumukazi yokha pamalo otsika obisika monga m'shedi, ndipo khomo lake lili pansi. Gulu likakula, nthawi zambiri limasamukira pamwamba pa mtengo wautali n'kumanga chisa chachikulu chobulungira, chimene chimatha kupitirira theka la mita, chokhala ndi khomo laling'ono cham'mbali. Chisa chotere sichioneka masamba akadalipo, ndipo ambiri amachiona masamba atayoyoka, mafumukazi atsopano atabalalika kale. Ku Britain boma limapempha anthu kuti akamuona atumize chithunzi ndi malo kudzera pa pulogalamu ya pa foni yotchedwa Asian Hornet Watch. Zithunzi zambiri zimene zimatumizidwa zimapezeka kuti ndi za honeti wa ku Ulaya kapena za ntchentche zija.

Honeti wamkulu pa onse, Vespa mandarinia, amene mfumukazi yake imafika masentimita 5, kwawo ndi kum'mawa kwa Asia. Ali ndi mutu waukulu wonga lalanje, ndipo nthawi zambiri amamanga pansi pa nthaka kapena m'mphako za m'munsi mwa mitengo. Anapezeka ku Canada ndi ku America mu 2019, ndipo mu Disembala 2024 boma la America linalengeza kuti wathetsedwa m'dzikolo. Zithunzi zake zimazungulira kwambiri pa mafoni ndi mawu oopseza akuti wafika kwakutikwakuti. Chisa chachikulu cholendewera pamwamba pa mtengo si kamangidwe kake kozolowereka, ndipo chithunzi chopanda malo ndi tsiku limene chinajambulidwa si umboni woti honetiyu wafika m'dera lililonse.

Chithunzi chothandiza

Chithunzi chimodzi sichikwanira nthawi zambiri. Chojambulidwa kuchokera pamwamba chimaonetsa mapiko, mutu ndi mizere ya pamimba. Chojambulidwa cham'mbali chimaonetsa chiuno ndi miyendo. Ngati kachilomboko n'kakufa, kuika lula kapena ndalama yachitsulo pambali pake kumabwezeretsa kukula kumene kamera inataya, koma kasagwiridwe ndi zala chifukwa mbola ya kachilombo kongofa kumene imalasabe. Kuwala nako kumasintha maonekedwe: dzuwa lamadzulo limafiiritsa chikasu, ndipo mavu onyowa kapena njuchi yokalamba imene ubweya wake wathothoka imaoneka yosalala ndi yakuda kuposa mmene ilili.

Pa chisa pamafunika zithunzi ziwiri, china choonetsa chisacho ndi china chojambulidwa patali choonetsa pamene chili, kaya ndi pansi pa denga, m'khoma, m'nthaka kapena pa nthambi, ndi kutalika kwake kuchokera pansi. Wojambula aime patali n'kukokera chithunzi pafupi ndi kamera, asaime kutsogolo kwa khomo kumene tizilombo tikudutsa, ndipo asagwedeze nthambi kapena kuponya mwala kuti tituluke. Mavu a m'khonde amachenjeza asanalume: amaima chilili pa chisa, kutukula mapiko ndi kuyang'ana amene wayandikirayo, ndipo akatero mpata watha. Njuchi za mu Africa zimateteza chisa mwamphamvu ndipo zimathamangitsa munthu mtunda wautali. Njuchi ya uchi ikaluma munthu imasiya mbola pakhungu n'kufa, ndipo mbolayo imatulutsa fungo loitana zinzake, pamene mavu ndi mahoneti amatha kuluma kangapo osasiya mbola. Munthu amene walumidwa n'kuyamba kubanika, kutupa milomo kapena pakhosi, kapena kuchita chizungulire, afunika kuthamangira naye kuchipatala nthawi yomweyo, osadikira kudziwa ngati chamulumacho ndi njuchi, mavu kapena honeti.